Abwana akuti lipoti likhale lalifupi koma ndisasiye kanthu, ndilembe bwanji?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina. Sabata yatha denga linadontha usiku ndipo makatoni ena ananyowa. Dzulo abwana anditumizira uthenga wakuti: "Lembani lipoti la nkhaniyi. Likhale lalifupi, lisapitirire tsamba limodzi, koma musasiye kalikonse." Ine ndalemba zonse zimene zinachitika, zakwana masamba 6. Ndikadula, ndiye kuti ndasiya zina. Ndikapanda kudula, ndiye kuti sindinamvere. Abwanawa ndi omwewa amene sayankha ndikapempha tchuthi, komanso za dengali ndinawauza kale mvula isanayambe. Mnzanga wa usiku naye wandisiyira zonse, foni yake sikupezeka. Akufuna lipotili mawa m'mawa. Nditani?

Mbewe Wamkulu: Achimwene, tsegulani maso. Umenewo ndi msampha. Munthu sangakuuzeni zinthu ziwiri zotsutsana mwangozi. Mukafupikitsa adzati munabisa, mukatalikitsa adzati simumvera. Tumizani masamba onse 6 ndipo musunge kope lanu kunyumba.

Tadala: Chepetsani zilembo basi. Ikani pa 9 m'malo mwa 12, muchepetsenso malo a m'mbali. Ine ndimatero ndipo zimakwana.

Nangozo: A Tadala, masamba 6 sangalowe pa tsamba limodzi ngakhale mutachepetsa bwanji. Tsamba la A4 lolembedwa ndi zilembo za 12 limatenga mawu pafupifupi 500, ndipo pa Chichewa amachepera pamenepo chifukwa mawu athu ndi aatali. Komanso wonena kuti tsamba limodzi akudandaula nthawi yake yowerengera, sakudandaula pepala. Tizilembo topanikizana timawerengetsa nthawi yomweyo, kuwonjezera kupweteka kwa maso. Afunsi, simunatiuze chinthu chachikulu. Lipotili akaliwerenga ndani, ndipo akachita nalo chiyani?

Mbewe Wamkulu: Mayi, akawerenga ndani zilibe ntchito. Nkhani ndi yoti mnyamatayu adziteteze. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri, mabwana ndimawadziwa.

Bambo a Chisomo: Ngati ndi uthenga wa pa foni samalani, SMS imodzi imathera pa zilembo 160. Mukapyola imagawika pawiri ndipo mumalipira kawiri. Ndi bwino kungowaimbira.

Tadala: Bambo, akunena lipoti la papepala, osati meseji.

Eliza: Ine zinandionekerapo. Galimoto ya kuntchito itachita ngozi anandiuza kuti ndilembe mwachidule. Ndinalemba mizere yochepa, osatchula tsiku limene dalaivala ananena kuti mabuleki sakugwira. Patapita miyezi nkhani inatembenuka, onse akuti ofesi yathu sinanene. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Chilichonse mungadule, koma madeti musadule.

Mbewe Wamkulu: Mwamva? Ndi zomwe ndikunenazi. Masamba onse 6!

Membala wobisa dzina: Pepani ndinaiwala. Abwana akukalankhula nalo pa msonkhano wa akuluakulu mawa, akuti awapatsa mphindi zisanu. Kenako lipita kwa akauntanti kuti alembe za inshulansi.

Nangozo: Ndiye nkhani yamveka tsopano. Uthengawo uli ndi zofuna za anthu awiri. Kufupika ndi kwa abwana, chifukwa pa mphindi zisanu munthu wolankhula modekha amangomaliza tsamba limodzi n'kutsala ndi kanthawi ka mafunso. Kusasiya kanthu ndi kwa akauntanti, amene akufuna nambala ya katoni iliyonse. Musawaphikire mu mphika umodzi. Lembani tsamba limodzi la abwana, ndipo masamba anu 6 aja muwaike kumbuyo ngati zowonjezera. Pa tsamba loyambalo musayambe ndi mmene munafikira m'mawa n'kutsegula chitseko. Yambani ndi zimene akuluakuluwo akufuna kudziwa kuti agamule: chawonongeka n'chiyani, n'chochuluka bwanji, chinachititsa n'chiyani, ndipo mukupempha chiyani. Tipatseni manambala anu tiyesere limodzi.

Membala wobisa dzina: Munali makatoni 300. Ananyowa 40. Mwa amenewo 25 ndi katoni yokha yomwe yafewa, zam'kati zili bwino, koma 15 ndi otaya. Zinachitika usiku wa pa 12. Za dengalo ndinalemba kalata pa 3 mwezi watha. Otsalawo tawasunthira mbali ina n'kufunditsa pulasitiki.

Nangozo: Ndiye ndime yoyamba ikhale chonchi: "Usiku wa pa 12 denga la nyumba yosungiramo katundu linadontha ndipo makatoni 40 mwa 300 ananyowa. Makatoni 25 akungofunika kulongedzanso, 15 awonongekeratu. Otsala 260 tawasuntha ndi kuwafunditsa, koma sali otetezeka mvula ikabweranso. Tikupempha chilolezo chokonzetsa denga sabata ino." Ndime yachiwiri inene chomwe chinachititsa, kuphatikizapo kalata ya pa 3 ija, mu chiganizo chimodzi. Yachitatu inene zomwe zili kumbuyo: mndandanda wa makatoni 40 pa tsamba 2 ndi 3, zithunzi pa tsamba 4, kope la kalata pa tsamba 5. Pofuna kudziwa ngati mfundo ikwere patsogolo kapena itsale kumbuyo, dzifunseni ngati kuichotsa kungasinthe chigamulo cha pa msonkhanowo. Makatoni 15 otaya angasinthe. Dzina la amene anabweretsa pulasitiki silingasinthe. Mukamaliza onetsetsani kuti manambala a patsogolo akufanana ndi a kumbuyo, chifukwa akauntanti akapeza 15 apa, 16 apo, lipoti lonse alikayikira.

Mbewe Wamkulu: Zakumbuyo palibe amawerenga mayi. Kalata ya pa 3 ija ikhale mzere woyamba weniweni, ndi zilembo zakuda, onse adziwe amene anagona pa ntchito.

Nangozo: Kalatayo yatchulidwa pa tsamba loyamba kale, a Mbewe, ndi deti lake. Koma kumbukirani kuti wokawerenga mokweza ndi abwana omwewo. Mzere woyamba ukakhala wowaloza chala, adzangolemba lawo, ndipo la afunsi silifika n'komwe pa msonkhano.

Eliza: Apa ndili mbali ya a Mbewe pang'ono. Chiganizo chimodzi pakati pa tsamba munthu atha kuchilumpha powerenga. Bola atumizenso kope kwa akauntanti iwo eni.

Tadala: Kulumpha abwana n'kutumiza kwina kungawabweretsere mavuto ena. Afunse kaye.

Bambo a Chisomo: Ana a masiku ano mumaopa kufunsa. Bwanji osangowafunsa abwanawo chimene akufuna?

Nangozo: Kufunsa n'kwabwino, koma musafunse kuti "mukufuna lalifupi kapena lathunthu?" Ayankhanso kuti zonse ziwiri. Alembereni zomwe mwakonza: "Bwana, ndalemba tsamba limodzi loti mukawerenge pa msonkhano, ndipo mndandanda, zithunzi ndi kalata ndaika kumbuyo kuti zipite kwa akauntanti. Zili bwino choncho?" Atha kuyankha ndi liwu limodzi. Pokhapokha ngati pali fomu yawo ya tsamba limodzi yosalola zowonjezera, pamenepo muwapemphe asankhe okha choti chitsale.

Mbewe Wamkulu: Sayankha ameneyo. Munthu wosayankha za tchuthi ayankha za lipoti?

Membala wobisa dzina: Ndatumiza uthengawo, aona koma sanayankhe. Tsamba loyamba ndamaliza, latsala ndi malo a mizere ingapo. Nanga zoti mnzanga wa usiku sanali pamalo ake nthawi imene madzi amalowa, ndiziike patsogolo kapena kumbuyo? Ine sindinaone ndi maso anga, ndinangomva kwa alonda.