Ndithandizeni: 2.649 imene yalembedwa pa mzati wa Tete ikuwerenga chiyani?

Wofunsa, wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndimathandiza kumasulira nkhani m'Chichewa pa wailesi ya m'dera lathu, ndipo Loweruka lino ndiyenera kuwerenga nkhani ya chiwerengero cha anthu. Nkhaniyo ili m'Chipwitikizi ndipo ili ndi chithunzi cha mizati, chigawo chilichonse mzati wake. Pamwamba alemba kuti "População por província, Censo 2017 (em milhares)". Pa mzati wa Tete pali 2.649, ndipo pambali pake pali 9,5%. Mzati wa Nampula uli ndi 5.759, koma nditauyeza ndi kachitsotso ndapeza kuti ndi wautali pafupifupi katatu kuposa wathu. Sindikufuna kunamiza anthu amene amatimvera ali kumunda. Kodi ndinene kuti manambala amenewa akuwerenga chiyani kwenikweni?

Bambo wa ku Zobwe:
Achimwene, 2.649 imeneyo ndi mamiliyoni awiri ndi theka ndi kupitirira pang'ono, pakuti mawu akuti "milhares" amatanthauza mamiliyoni. Tsono 9,5% ndi mmene anthu achulukira kuchokera pa kalembera wa 2007. Werengani choncho, simulakwa.

Mphunzitsi wa masamu, ku Moatize:
Bambo a ku Zobwe afika pa nambala yoona koma adzera njira yolakwika, ndipo njira imeneyo idzawasocheretsa pa tebulo lina. Mawu akuti "milhares" ndi masauzande, pamene mamiliyoni amalembedwa kuti "milhões". Choncho 2.649 ndi masauzande 2,649, ndiye kuti muwonjezere maziro atatu kumapeto, mupeze anthu 2,649,000. Nambala yonse imene bungwe la boma loona za kalembera la INE linatulutsa ya chigawo chathu ndi 2,648,941, ndipo olemba nkhani angoizunguliza kuti ikwane pa chithunzi. Chimasokoneza ife a m'malire n'chakuti m'Chipwitikizi kadontho kamalekanitsa masauzande ndipo mpatuliro ndi umene umasonyeza zidutswa, pamene m'nyuzipepala za ku Malawi zimene timawerenganso zili mosemphana. Munthu wozolowera za ku Dedza akaona 2.649 amaganiza kuti ndi ziwiri ndi kachidutswa, ndipo akachulukitsa ndi 1,000 amapeza anthu osadzaza ngakhale bwalo la mpira.

Pa 9,5% ndiye sindikugwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Peresenti iliyonse imafuna kuti mufunse kuti ndi gawo la chiyani, ndipo mukhoza kuyesa nokha pa foni. Dziko lonse la Mozambique linali ndi anthu 27,909,798. Mukagawa 2,648,941 ndi nambala imeneyo mupeza 0.095, ndiye kuti pa anthu 1,000 alionse a m'dziko muno, 95 anali a m'chigawo cha Tete. Yesaninso kuphatikiza maperesenti a mizati yonse 11, pakuti mzinda wa Maputo umawerengedwa paokha. Ngati akufika pa 100 kapena pafupi kwambiri, ndi magawo a dziko lonse, osati kuchuluka kwa pakati pa makalembera awiri. Chigawo chathu chinali ndi anthu osafika mamiliyoni awiri mu 2007, kotero kuchuluka kwa zaka khumi zimenezo kunaposa 9,5% kutalitali.

Mayi wa ku Matundo:
Pepani aphunzitsi, ine ndakhala mumzinda wa Tete zaka zambiri, ndipo ngakhale anthu achuluka chifukwa cha malasha, sindikhulupirira kuti tingafike mamiliyoni awiri ndi theka. Tikanakhala otero, pa mlatho wa Samora Machel sipakanadutsika. Ndikuona ngati nkhaniyo yakokomeza.

Wofunsa:
Mayi, mutu wa chithunzi ukunena "por província", choncho ndi chigawo chonse, kuphatikizapo ife a ku Angonia, Tsangano, Makanga mpaka ku Zumbo ndi Mutarara, osati mzinda wokha. Komabe mwandithandiza, chifukwa ndikanangonena kuti "ku Tete", omvera ambiri kuno akanamva monga mwamvera inumu. Kwathu munthu akati akupita ku Tete amanena mumzinda.

Mphunzitsi wa masamu:
Za kutalika kwa mizati, yang'anani nambala imene ili pansi penipeni pa mzere wa kumanzere. Ndikukayikira kuti siyambira pa 0. Ngati yayambira pa 1.000, mzati wa Nampula ukuonetsa 4,759 yokha ndipo wa Tete ukuonetsa 1,649, ndiye chifukwa chake kachitsotso kanu kapeza pafupifupi katatu. Manambala enieni akunena kuti 5,759 kugawa ndi 2,649 ndi kawiri ndi pang'ono. Pa wailesi munene za manambala, musanene za kutalika kwa mizati.

Wofunsa:
Mwalondola aphunzitsi, wayambiradi pa 1.000, ndipo sindinazione. Koma tsopano pabuka vuto lina. Mnzanga wanditumizira tebulo lina la kalembera yemweyo, ndipo pamenepo dziko lonse lili ndi anthu 26.899.105, osati 27.909.798. Kodi wina walakwitsa pokopera?

Mayi amene analemba nawo kalembera, ku Domwe:
Palibe amene walakwitsa, bambo. Ine ndinali mmodzi wa oyenda khomo ndi khomo mu Ogasiti 2017, ndipo ndikudziwa kuti si nyumba zonse zimene tinapezamo anthu. Ena tinkawapeza atatseka, tikabwerera kawiri osawapezabe. Nambala yaing'onoyo ndi ya anthu amene analembedwadi pa mapepala. Pambuyo pake pamachitika kafukufuku wobwereza m'malo osankhidwa kuti aone kuti ndi angati anaphonyedwa, ndipo anapeza kuti anali pafupifupi anayi pa 100 alionse. Nambala yaikuluyo ndi imene yawonjezeredwa anthu ophonyedwawo, oposa miliyoni imodzi. Yanu ya Tete ija, 2,648,941, ndi ya gulu lowonjezeredwa, ndiye musaigawe ndi 26,899,105, chifukwa mudzakhala mukusakaniza miyeso iwiri, ngati kugula ndi ndowa yosefukira n'kugulitsa ndi yosalaza. Dziwaninso kuti kumapeto kwa 2017 kunatuluka zotsatira zongoyembekezera zimene zinkanena za anthu oposa mamiliyoni 28, ndipo zotsimikizika zinatuluka mu 2019. Matebulo akale aja akadali pa intaneti, choncho muziwerenga timawu tating'ono ta pansi pa tebulo.

Bambo wa ku Zobwe:
Ndavomera za masauzande. Koma mayi, mlamu wanga amakhala miyezi ina ku Ntcheu, miyezi ina kuno, ndipo nthawi ya kalembera anali kutsidya. Kodi iye ali mu 2,648,941 imeneyi kapena anawerengedwa ku Malawi mu 2018, kapena konse kuwiri? M'mudzi mwathu anthu otere ndi ambiri.

Mayi amene analemba nawo kalembera:
Zimenezo zikudalira zimene a pakhomo pake anayankha tsiku limenelo, ngati anamutchula kuti ndi wa pabanjapo amene wangochokapo kapena sanamutchule. Tebulo silingakuuzeni za munthu mmodzi. Afunseni alongo anu.

Wofunsa:
Ndalemba motere, mundikonze ngati pali cholakwika: "Malinga ndi zotsatira zotsimikizika za kalembera wa mu Ogasiti 2017, kuphatikizapo anthu amene akuganiziridwa kuti anaphonyedwa, chigawo chonse cha Tete chinali ndi anthu pafupifupi 2,649,000, amene ndi 95 pa anthu 1,000 alionse a m'dziko muno." Mkulu wa pa wailesi akufuna ndinene kuti "chili ndi" m'malo mwa "chinali ndi", akuti zikumveka bwino.

Mphunzitsi wa masamu:
Musalole, achimwene. Ana onse obadwa kuchokera mu Seputembala 2017 mulibe m'nambala imeneyo, ndipo amene anamwalira pambuyo pake akadalimo. Ngati mkuluyo akufuna nambala ya chaka chino, apeze tebulo la INE lolembedwa kuti "Projecções", ndipo mukaliwerenga munene kuti ndi zoyerekeza.