Wa sapu wapeza 78, ndimudule pa 50 pena pati? Avereji ikugwera mbali ziwiri

Mphunzitsi wa ku Chinkhoma:
Anzanga ndithandizeni msanga, bodi yovomereza zotsatira za mayeso ikukhala Lachisanu ndipo shiti yanga ya malikisi pa kompyuta ikundizunguza mutu. Ku koleji kwathu malikisi a m'kalasi ndi 40, mayeso 60, pasi ndi 50. Buku la malamulo likungoti wolemba sapu, mayeso obwereza a amene walephera, asapatsidwe kupitirira 50, basi, silikunena kuti 50 wa chiyani. Mtsikana wina anali ndi 22 pa 40 m'kalasi, mayeso oyamba anapeza 35 pa 100, ndiye 22 kuphatikiza 21 ikukhala 43, walephera masamu. Walemba sapu wapeza 78. Popanda kudula akanakhala ndi 68.8. Ndikadula kosi yonse ali ndi 50. Ndikadula pepala lokha, 50 pa 100 ikupereka 30, kuphatikiza 22 uja ali ndi 52.

Makosi ake ena asanu ndi 64, 61, 65, 57, 62, pamodzi 309. Ndi 50 avereji ndi 59.83, ndi 52 ikufika 60.17, ndipo kirediti kwathu imayambira pa 60. Mnzanga amene ndinalandira kwa iye shitiyi anapita kusukulu, foni sakuyankha. Komanso selo ya avereji ikuonetsa 60 pomwe kolamu ya pambali ikulemba `PASS`. Ndatha mabando ndikufunsafunsa, chonde.

Bambo a ku Mkanda:
Mwana wapeza 78, mulembereni zake. Munamupatsa pepala kuti muone ngati masamu akuwadziwa, wakuonetsani kuti akuwadziwa. Mukufunanso chiyani?

Mayi a ku Santhe:
Achimwene a ku Chinkhoma, yambani ndi chophwekacho. Selo ikukunamizani chifukwa wina anabisa madesimo. M'kati mwake muli 59.83, maso anu akuona 60, koma fomula ya kalasi ikuwerenga nambala yeniyeniyo. Dinani seloyo muwonjezere madesimo awiri muona. Musathamangire kuika `ROUND` musanapeze pamene lamulo likulola kuraunda avereji yomaliza, chifukwa mukatero mwapereka kirediti ndi dzanja lanu.

Za kudulazo, ine ndagwira mayeso zaka zambiri ndipo ndaona njira zonse ziwiri zikugwira ntchito m'makoleji osiyana. Mafomula ake ndi awa, `C2` malikisi a m'kalasi, `E2` pepala la sapu:

```
=MIN(50,C2+E2*0.6)
=C2+MIN(50,E2)*0.6
```

Yachiwiriyo ikuoneka yachifundo chifukwa mtsikana wanuyo ikumupatsa 52. Koma iyeseni pa wina amene m'kalasi ali ndi 14 pa 40, nayenso napeza 78 pa sapu. Fomula yoyamba ikumupatsa 60.8, kudula, 50, wakhoza. Yachiwiri ikumupatsa 14 kuphatikiza 30, ndiyo 44, walepheranso. Ngakhale atapeza 100 akhalabe pa 44. Aliyense amene m'kalasi sanafike 20 pa 40, pa njira imeneyi sapu kwa iye ndi kungotaya ndalama ya thiransipoti, sangakhoze zivute zitani. Ndiye musanasankhe, yang'anani mndandanda wanu wa sapu, muwerenge kuti osafika 20 alipo angati. Ngati koleji inawalola kulemba ndi kulipira, n'zovuta kukhulupirira kuti olemba lamulo ankatanthauza kudula pepala lokha.

Mphunzitsi wa ku Chinkhoma:
Ee zoona mayi, 59.83 yatuluka. Osafika 20 ndawapeza atatu mwa khumi ndi mmodzi. Mmodzi ali ndi 17, sapu wapeza 61.

Mayi a ku Santhe:
Ameneyo kudula kosi ali ndi 53.6, ikutsika pa 50, wadutsa. Kudula pepala ali ndi 47. Mwaona tsopano kuti simungakomere mtsikana uja popanda kugwetsa mnzakeyu? Fomula ndi imodzi kwa onse khumi ndi mmodzi.

Achimwene a ku Kamwendo:
Ine sindikumvetsa vuto lake. Mlongo wanga anabwereza Fomu 4, masamu anachoka pa 8 kufika pa 4, ndipo MANEB inamupatsa 4 wakeyo, palibe anamudula. Bwanji osangotengera zomwezo?

Mayi a ku Santhe:
Imeneyo ndi nkhani ina achimwene. Iye analembanso MSCE chaka china pamodzi ndi wina aliyense. Sapu imalembedwa ndi olephera okha, patangopita masabata ochepa, munthu akuwerenga kosi imodzi pomwe anzake ankawerenga zisanu ndi imodzi sabata yomweyo.

Bambo a ku Mkanda:
Ndiye mwayi wowerenga kosi imodziwo ndi mlandu? Amene anapeza 51 poyamba akukhala pamwamba pa wa 68.8. Mwa awiriwa ndani amene mungamutume kukaphunzitsa masamu Sitandade 7? Ine ndikunenabe, lembani zimene mwana wapeza.

Mnyamata wa ku Nkhamenya:
Akuluakulu, ine ndinali wophunzira posachedwa pomwepa, ndikuuzeni mmene tinkaganizira. Kukanakhala kopanda kudula, palibe wochenjera amene akanavutika ndi pepala lovuta m'sabata ya mayeso. Kungolowa, kulemba dzina, kuona mafunso, kupeza ka 40 koyenerera sapu, n'kukawerenga bwinobwino patchuthi. Wa 51 uja akanalira kuti bola ndikanalephera. Koma kudula pepala lokha ine ndimaona kuti ndi kwabwino, chifukwa malikisi a m'kalasi munthu anawagwirira ntchito semesita yonse, sanalakwe kanthu.

Mayi a ku Santhe:
Theka loyambalo mwalasa. Lachiwirilo taganizaninso. Wina ali ndi 34 pa 40 m'kalasi, ndipo tonse tikudziwa mmene asayinimenti za m'magulu zimayendera. Mayeso wapeza 20 pa 100, pamodzi 46, walephera. Sapu wakwanitsa 50, akutuluka ndi 34 kuphatikiza 30, ndiyo 64. Wolephera uja ali ndi kirediti pa kosi imene analephera, waposa mnzake wa 55 amene anakhoza kamodzi. Kudulako kwapita kuti pamenepo? Palinso makoleji ena amene pa sapu malikisi a m'kalasi amawataya, pepala lokha ndilo limaweruza, ukafika 50 akulembera 50. Ndiye njira zilipo zitatu, osati ziwiri.

Agogo a ku Mtunthama:
Mwandikumbutsa chaka china ndisanapume pa ntchito. Mnyamata wina muofesi ya mayeso anaika fomula ya `MIN` pamwamba n'kuikokera pansi kolamu yonse. Kalasi yonse ya anthu oposa zana inakhala pa 50 kapena pansi pake. Ife tinakhala m'bodi kuyambira m'mawa, tiyi tamwa, masikono tadya, tikudabwa kuti chaka chino ana afooka bwanji, mpaka mphunzitsi wa sayansi ananena kuti mwana wanga uja ndinamuchongera ndekha 81, ali kuti? Mapepala tinali titasaina kale ena. Tinachoka dzuwa litalowa, magetsi atazima, tikuwerenga ndi kakyuleta ya pafoni.

Kuyambira pamenepo ndinkakana kufufuta malikisi oyamba. Kolamu ya mayeso oyamba payokha, ya sapu payokha, yodulidwa payokha. Wina akadzafunsa patapita zaka zitatu, 43 aoneke, 78 aoneke, 50 aoneke.

Mayi a ku Santhe:
Agogo anena zoona. Fomula yoti muikokere pansi mosaopa ndi iyi, `D2` kukhala mayeso oyamba:

```
=IF(E2="",C2+D2*0.6,MIN(50,C2+E2*0.6))
```

Koma chenjerani ndi a difedi. Amene anadwala kapena anali pamaliro ndipo kalata yake inavomerezedwa, nthawi zambiri amalemba tsiku limodzi ndi a sapu, mwina pepala lomwelo, koma kwa iye ndi koyamba. Malikisi ake apite mu `D`, osati mu `E`. Mukawaika mu `E` mwamudula munthu wosalakwa, ndipo simudzazindikira chifukwa 50 wake adzaoneka ngati wa anzake.

Mphunzitsi wa ku Chinkhoma:
Mayo ine. Ndili naye mmodzi wotero, anagonekedwa m'chipatala sabata ya mayeso. Ali mu `E`, wadulidwa kuchoka pa 71. Ndakonza pompano. Koma za mtsikana uja sindinapezebe yankho, 50 kapena 52?

Bambo a ku Mkanda:
Wa difedi mwamubwezera 71 wake, pepala lomwelo, chipinda chomwecho, tsiku lomwelo. Winayu mukumulanda. Ndiye musandiuze kuti mukuyeza nzeru. Chilango chake n'chokwana kale, walipira ndalama ya sapu, tchuthi sanachione, makolo ake agulitsa fodya kuti abwerere.

Mnyamata wa ku Nkhamenya:
Bambo, werengani kaye kuti akulandidwa zingati. Pa avereji, 50 ikupereka 59.83, 68.8 ikanapereka 62.97. Ndi mapointi atatu. Ndipo sapu yamukweza kale kuchoka pa 58.67 imene akanakhala nayo ndi 43.

Agogo a ku Mtunthama:
Mapointi atatuwo ndi ngati makosi onse akulemera mofanana. Achimwene a ku Chinkhoma, mwafufuza? Kwathu kosi ina inkawerengedwa kawiri. Masamuwo atakhala owerengedwa kawiri, mugawa ndi 7, ndiye 309 kuphatikiza 100 ikupereka 58.43, ndipo ngakhale 52 uja akungofikitsa pa 59. Mkangano wonsewu ukhala wopanda mutu, kirediti palibe mbali zonse.

Mayi a ku Santhe:
Ine ndikanakhala inu sindikanasankha ndekha. Tengani mabuku a zotsatira a zaka ziwiri zapitazo, muone a sapu. Ngati onse okhoza ali pa 50 ndendende, koleji yanu imadula kosi kapena imatsata njira yachitatu ija. Mukaona 52, 57, imadula pepala. Kenako lemberani a rejisitala, manambala onse awiri pa tsamba limodzi, ndi atatu aja osafika 20, ayankhe molemba. Yankho la pakhonde limakanidwa tsiku la apilo. Ndipo mtsikanayo musamuuze kalikonse bodi isanakhale, ngakhale atakupezani pa msika.

Chimodzi chimene ine mpaka pano sindinagwirizane ndi anzanga: wolemba sapu n'kupeza zochepa kuposa poyamba, timulembere ziti? Ena amati zomaliza, ena zokulirapo.

Bambo a ku Mkanda:
Akatsika mumalemba zimene wapeza, akakwera mumadula. Mwaona?

Achimwene a ku Kamwendo:
Pepani kulowetsa zina, kodi kwanuko ndalama yochongera sapu ya semesita yatha munalandira? Ife mpaka lero zii.

Agogo a ku Mtunthama:
M'nthawi yathu tinkachonga ndi Fanta mmodzi ndi sikono.