Mawu a m'mahedifoni a Bluetooth akutsalira m'mbuyo pa wailesi yakanema, vuto ndi kodeki?

Anzanga odziwa zamagetsi, ndithandizeniko. Ndinagula kachipangizo kotumiza mawu pa Bluetooth, nkukalumikiza ku wailesi yakanema pabowo la mahedifoni kuti ndizionera usiku osadzutsa ana. Vuto ndi lakuti wowerenga nkhani amayamba watseka pakamwa, mawu ake nkumafika pambuyo. Pa mpira ndiye zimawawa, chifukwa mpira umakhala wachoka kale paphazi pamene ndikumva kuti phu.

Chodabwitsa n'chakuti mahedifoni omwewo pafoni, ndikamaonera YouTube, milomo ndi mawu zimayendera limodzi. Ndikuganiza kuti foni imachedwetsa chithunzi dala kuti chidikire mawu, pamene wailesiyi sidziwa nkomwe kuti kunjaku kuli kachipangizo kochedwetsa.

Mmene ndikumvera, mawu amayamba apanikizidwa ndi kodeki, kenako amatumizidwa m'timagawo, ndipo mahedifoni amasungako pang'ono asanaimbe kuopa kudukaduka. Ndi kodeki ya SBC zonsezi zimatha kudya mamilisekondi pafupifupi 200, omwe ndi zithunzi 5 pa kanema wa zithunzi 25 pa sekondi. Kachipangizo kanga kanalembedwa aptX Low Latency, yomwe imatsitsa kuchedwako kufika cha pa 40, koma pabokosi la mahedifoni pali SBC ndi AAC basi.

Ndiye kodi ziwirizi zikungogwirizana pa SBC, poti kodeki imafunika ikhale mbali zonse? Pafoni ya Android ndimaona pa `Bluetooth audio codec` mu `Developer options`, nanga pakachipangizo kopanda sikirini ndingadziwe bwanji? Ndisanawononge ndalama, alipo amene anayesapo mahedifoni a aptX Low Latency pa wailesi yakanema, milomo nkugwirizanadi ndi mawu?