Kalata ya bambo wofunsa za mkaka wa mbuzi: timuyankhe bwanji?

Namwino wa ana: Anzanga, ndithandizeni. Kuchipatala kwathu kwafika kalata ya bambo wina. Mwana wake ali ndi miyezi 3, mayi anayambiranso ntchito ndipo akuti mkaka wawo wachepa. Anayesa wa m'chitini, mwana n'kumasanza ndi kutuluka totupa kumaso. Tsopano patha masabata awiri akumupatsa mkaka wa mbuzi wowiritsa, wosungunula ndi madzi theka ndi theka. Akufunsa ngati apitirize. Ndikudziwa kuti yankho ndi ayi, koma ayi wopanda chifukwa bamboyu sangamumve, poti akuti kusanza kwachepa.

Mzamba: Bola akuwiritsa, achemwali. Choopsa pa mkaka wa mbuzi ndi tizilombo, makamaka burusela ndi TB. Ukawira bwinobwino zimenezo zatha.

Katswiri wa kadyedwe: Amayi, za tizilombo mwalondola, koma moto susintha zimene zili mumkakamo. Pa mamililita 100, mkaka wa mbuzi uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 3.5, pamene wa m'mawere uli ndi pafupifupi galamu imodzi. Mchere wa sodiyamu nawonso ndi wochuluka pafupifupi katatu. Zotsalira zake zonse zimatulukira ku impso, ndipo impso za mwana wa miyezi 3 zimafuna madzi ambiri kuti zizichotse. Mwana wotere akangotsegula m'mimba kapena kutentha thupi, madzi amamuthera msangamsanga, mchere n'kukwera m'magazi.

Chachiwiri n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa chimabwera mwakachetechete: foleti, vitamini wothandiza kupanga magazi. Mu mkaka wa mbuzi ndi wochepetsetsa, kuchepera ngakhale wa ng'ombe, ndipo kuwiritsa kumawononganso kochepako. Ayironi nayenso ndi wosakwanira. Pa masabata awiri simungaone kanthu. Mudzaona pakapita miyezi, mwana atatuwa zikhatho ndi m'zikope, akufooka poyamwa, sikelo itaima.

Mzamba: Nanga poti akuthira madzi, si ndiye kuti impsozo zapepukidwa?

Katswiri wa kadyedwe: Zapepukidwa, eya, koma wagawanso pakati mphamvu ya chakudyacho. Mimba ikudzaza ndi madzi. Namwino, muone kadi ya kusikelo, sindidabwa mukapeza kuti mzere wagona.

Wothandiza dokotala: Ine ndinali ndi wa miyezi 9 amene amamwa wa mbuzi, ndipo amakula bwino ndithu. Komanso malangizo a WHO a 2023 akulola mkaka wa ziweto. Tisamaopseze makolo.

Dokotala wa ana: Achimwene, muwerengenso msinkhu. Malangizo amenewo akunena za ana a miyezi 6 mpaka 11 amene sakuyamwa, ndipo wanuyo amadya kale zakudya zina zomupatsa ayironi ndi foleti. Uyu moyo wake wonse uli pa mkaka basi.

Koma tonse tadumpha mawu ofunika m'kalatamo: kusanza ndi totupa. Ngati thupi la mwanayu likudana ndi mapuloteni a mkaka wa ng'ombe amene amakhala mu wa m'chitini, wa mbuzi si pothawira. Mapuloteni ake ndi ofanana kwambiri, moti ana ambiri odana ndi wa ng'ombe amadananso ndi wa mbuzi. Kuchepa kwa kusanzako mwina n'chifukwa cha kusungunula chabe. Mwinanso sikunali kudana n'komwe, kubwezako pang'ono mkaka n'kwachibadwa pa msinkhu umenewu. Zimenezi sitingazisiyanitse pa kalata. Abwere naye mawa, timuyeze sikelo ndi magazi, tifunse ngati m'chimbudzi mumaoneka magazi. Mayi abwerenso. Pa miyezi 3 mkaka umabwerera ngati mwana akuyamwa pafupipafupi, makamaka usiku, mayi n'kumafinya akakhala kuntchito.

Mzamba: Nanga zitini zija zolembedwa kuti ndi za mbuzi?

Dokotala wa ana: Ngati chalembedwa kuti ndi cha makanda kuyambira tsiku lobadwa, ndi mkaka wokonzedwa kale: anachepetsa mapuloteni ndi mchere, n'kuwonjezera ayironi ndi foleti. Mwana wopanda vuto atha kumwa. Wodana ndi mkaka wa ng'ombe ayi. Asasokoneze ndi ufa wamba wa mkaka wa mbuzi, womwe ndi mkaka womwe uja wongoumitsa.

Namwino wa ana: Ndalemba chonchi: "Bambo, mwachita bwino kufunsa. Siyani mkaka wa mbuzi, ngakhale wowiritsa, chifukwa umalemetsa impso za mwana ndipo supanga magazi okwanira. Usiku uno ayamwe kwa mayi ake nthawi zonse pamene akufuna, mawa mubwere naye pamodzi ndi mayi ake ndi chitini chija. Akamakodza pang'ono, liwombo likalowa, akamapuma movutikira kapena kutupa milomo, musadikire mawa." Ndiwaimbiranso foni, kalata ingachedwe.

Wothandiza dokotala: Zili bwino. Koma akadzakwana miyezi 6 tidzawauza chiyani? Mabuku ena amati adikire chaka.

Dokotala wa ana: Ine ndimati chaka, ngati wa m'mawere kapena wa m'chitini ukupezeka.

Katswiri wa kadyedwe: Apo ndiye timasiyana, adokotala. Pa banja limene chitini sichipezeka mwezi ndi mwezi, ine ndimalola kuyambira miyezi 6, wowiritsa, wosasungunula, zakudya za ayironi zili pambali. Koma kwa uyu tiyambe taona zotsatira za mawa.