Linki ya gawo lonse sikudinika pa kilipu, mlendo wayamba kudandaula

Mkonzi_Ndirande: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndadula kilipu ya 2:40 pa podikasiti yathu, pomwe mlendo akufotokoza za anankafumbwe m'chimanga. Ndi yoimirira, 9:16, ndipo ndaikweza pa YouTube. Mu Description ndaika dzina lake, mahashitagi ndi linki ya gawo lonse yoyamba ndi https, koma pa foni linkiyo ili ngati malemba wamba, sikudinika. Anthu akungofunsa kuti yonse ili kuti. Mlendo naye waimba kuti dzina lake sakuliona. Ndilibe nthawi yodulanso.

WaKuZomba: Ikani linkiyo mu komenti, muikhome pamwamba. Basi.

Mayi_Studio: Achimwene, kilipu yanuyo YouTube yaitenga ngati Shorts. Kuyambira pa 15 Okutobala 2024, vidiyo yoimirira kapena ya sikweya yosapitirira mphindi 3 imalowa kumeneko, mufune musafune. Ndipo malinki a mu Description ndi m'makomenti a Shorts anasiya kudinika pa 31 Ogasiti 2023. Chotsala ndi Related video. Mu YouTube Studio pitani pa Content, tsegulani kilipuyo, pezani Related video, sankhani gawo lonselo, kenako Save. Pansi pa dzina la tchanelo pabwera linki yodinika. Koma gawolo likhale la pa tchanelo chomwecho, lisakhale Private, ndipo tchanelo chikhale ndi Advanced features. Onani pa Settings, Channel, Feature eligibility.

WaKuZomba: Ine komenti yokhomedwa sinandikanepo.

Mayi_Studio: Pa vidiyo wamba imagwiradi. Apa tikunena Shorts.

Mkonzi_Ndirande: Related video ndayiona koma ikundiuza nditsimikize kaye tchanelo. Nkhani ya anankafumbweyo ikuyambira pa 21:15. Nanga munthu adzafikira pomwepo?

Mayi_Studio: Ayi, imamutula koyambirira. Lembani mu Description kuti nkhaniyi yayambira pa 21:15. Linki yofikitsa pa mphindiyo muisungire WhatsApp ndi Facebook. Mumawerenga masekondi: 21 kuchulukitsa ndi 60, kuphatikiza 15, akukwana 1275. Pa VIDEO_ID muikepo ID ya gawo lonselo.

```
https://youtu.be/VIDEO_ID?t=1275
```

Kamera_Mzuzu: Kodi bwanji osangoika End screen kumapeto?

Mayi_Studio: Pa Shorts palibe End screen, aise.

Madala_aWailesi: Ana inu mukuthamangira linki, koma chimene chingakudanitseni ndi anthu ndi dzina la mlendo. Pa Shorts ambiri satsegula Description, amangoona mutu, nawonso mawu oyambirira okha. Mutu umalola zilembo 100, koma mukaika dzina kumapeto limadulidwa. Liikeni kutsogolo, ndiponso lilembedwe pa chithunzi penipeni, chifukwa wina akaitsitsa kilipu n'kuitumiza m'magulu a WhatsApp, mutu ndi Description zimatsala. Ngati ali ndi tchanelo lembani @ ndi handulo yake, koma muione kawiri, mahandulo ofanana ndi ambiri. Chinanso, udindo wake mumufunse alembe yekha pa meseji. Kumene ndinkagwira ntchito, mnyamata wina analemba dzina la bungwe pansi pa mlendo amene anabwera payekha, osati m'malo mwa bungwelo. Bamboyo anaitanidwa ndi mabwana ake kukafotokoza amene anamutuma, ndipo sanabwerenso ku situdiyo. Zinandiwawa, chifukwa anali munthu wodziwa zinthu.

Kamera_Mzuzu: Zoona madala. Pa nkhani ya mawu osakira, ine ndimadzaza Tags mpaka zilembo 500 zithe, otsala ndimawandandalika pansi pa Description.

Madala_aWailesi: Zomalizazo siyani. Kuunjika matagi mu Description malamulo a YouTube amaletsa, amakutenga ngati sipamu. Eni ake amanenanso kuti Tags sizithandiza kwenikweni, kupatula pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana. Ndiye apa ikani nankafumbwe, anankafumbwe, kafumbwe, kusunga chimanga. Mawu enieniwo akhale m'mutu ndi m'chiganizo choyamba cha Description, monga mmene mlimi angafunsire: kuteteza chimanga kwa anankafumbwe. Mahashitagi atatu akwana. Musabe dzina la munthu wotchuka amene mu kilipumo mulibe, n'kunamiza anthu.

WaKuZomba: Komabe komenti muike. Munthu akhoza kukopera.

Mayi_Studio: Ndani angalimbane ndi kukopera linki pa foni ali pakati popukusa Shorts? Ngati mukufunadi linki yodinika mu Description, itulutseninso yogona, 16:9, ikhale vidiyo wamba. Koma kumeneko n'kukweza yatsopano. Mukafufuta yakaleyo, chiwerengero cha oonera ndi makomenti zipita nayo, ndipo amene munawatumizira kale apeza palibe kanthu.

Mkonzi_Ndirande: Sindifufuta. Mutu ndasintha, dzina lili kutsogolo. Za pa chithunzi sizithekanso, kilipu inakwera kale. Kutsimikizako akufuna vidiyo ya nkhope kapena chitupa, koma mwini tchanelo ali kumudzi ku maliro.

Kamera_Mzuzu: Musatumize chitupa chanu pa akaunti ya mwini. Ku Instagram kwanu zikuyenda bwanji? Kumenekonso linki ya m'mawu a pansi pa Reels sidinika, ine mlendo ndimangomuitana pa Invite collaborator.

WaKuZomba: Podikira mwiniyo ikani komenti ija.