Ming'alu iwiri pakhoma limodzi, ndimate kapena ndidikire?

Womanga wachinyamata: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Nyumba ya mabuloko a simenti yomwe ndinamanga chaka chatha yang'aluka malo awiri. Mng'alu wina uli pansi pa zenera, wowongoka kutsika, wopyapyala ngati tsitsi. Wina wayambira pakona ya felemu ya chitseko, ukukwera motsata mizere ya mabuloko ngati masitepe kulowera kungodya ya nyumba. Mwini nyumba akuti ndingomata.

Wapulasitala: Kumeneko n'kuuma chabe achimwene. Pulasitala akachuluka simenti kapena akapanda kuthiriridwa amatero. Palani, mumate, mupake penti.

Kapitawo wakale: Pa wa pazenerawo mwina mwalondola, makamaka ngati mabuloko anamangidwa asanaume bwino, chifukwa amapitiriza kukhwinyata ali pakhoma. Koma wachiwiriwo musauthamangire. Achimwene, tengani tchizulo mugobe pulasitala pang'ono, muone ngati mng'alu walowa m'buloko. Muonenso ngati ukuonekera mkati ndi kunja pamalo amodzimodzi, ndipo muuyeze kukula kwake kumwamba ndi kumunsi.

Womanga wachinyamata: Ndayeza bambo. Wa pazenera sukufika milimita imodzi, ndipo ndi wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Winawo waboola khoma lonse, kumwamba mamilimita 4, kumunsi imodzi. Chitseko chayambanso kukhula felemu.

Kapitawo wakale: Ameneyo ndi maziko. Mng'alu wa kuuma suyasama mbali imodzi, ndipo supotoza felemu. Uwu wakula kumwamba chifukwa ngodya ikutitimira n'kumakoka khoma, ndipo mutu wa mng'alu umapendekera komwe kukutsikako. Pitani pangodyapo mukaone ngati madzi a padenga amagwera pomwepo, ngati paipi ikudontha, kapena pali mtengo waukulu pafupi.

Zoti ndi mamilimita 4 sizikundiopsa kwambiri. Pansi pa 5 nthawi zambiri timangokonza, kupitirira 15 ndiye kuphwasula mbali ina ya khoma. Chomwe ndikufuna kudziwa n'choti ukuyendabe kapena unaima. Lembani timizere ta pensulo mbali zonse ziwiri za mng'alu ndi tsiku lake, muziyeza mwezi uliwonse. Ukamakula, kapena mukapapasa n'kupeza mbali imodzi yatuluka kuposa inzake, itanani injiniya osadikira.

Mayi woyala matailosi: Kwanga wotere umayasama m'chilimwe, mvula ikagwa n'kutsekeka wokha. Ndinamata kawiri, ukubwerabe.

Kapitawo wakale: Limenelo ndi dothi la makande mayi, limafufuma likanyowa, likauma n'kukhwinyata. N'chifukwa chake kuyeza kuzidutsa dzinja ndi chilimwe chomwe.

Wapulasitala: Koma mwini nyumba angadikire chaka chathunthu akuona mng'alu? Ine ndikanamata, ukabwerera ndiye tidziwe.

Womanga wachinyamata: Ndakaona pangodyapo. Madzi a padenga anakumba kadzenje pomwepo, dothi ndi lofewa. Ndiyamba n'kuwapatutsa, ndipo timizere ndalemba kale. Wa pazenera ndimata mawa.