Nkhani zanga zitatu zasiya kulimbirana mawu amodzi pa Google

"Ndinalemba nkhani zitatu zokhudza malo ogona ku Mangochi, koma Google ikungozisinthanitsa, ndipo palibe imene ikufika pamwamba. Ndichite chiyani?"

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinatsata malangizo oti ndiyambe ndatsimikiza vutolo. Mu Google Search Console, chida choonetsa mmene nkhani zanu zikuonekera pa Google, ndinatsegula Performance, ndinasankha mawu akuti "malo ogona ku Mangochi", kenako ndinayang'ana pa Pages, ndipo nkhani zonse zitatu zinalipo: ina ikakwera, inzake inkatsika tsiku lomwelo.

Ziwiri zinkayankha funso limodzi, choncho ndinaziphatikiza. Ndinasunga adiresi imene ili ndi malinki ambiri ochokera kwa anthu ena, ndinasamutsiramo ndime yofotokoza mitengo ya zipinda, ndipo adiresi inayo ndinaiikira 301 kuti aliyense woitsegula azifikira pa nkhani yotsalayo. Ena munatchula rel="canonical", chizindikiro chouza Google adiresi yoti iziionetsa pakati pa nkhani zofanana, koma sindinaigwiritse ntchito chifukwa Google imaitenga ngati pempho chabe ndipo ikhoza kuinyalanyaza.

Yachitatu sindinaichotse, popeza imanena za ku Cape Maclear kokha. Ndinasintha mutu wake kuti utchule malowo, ndi kuikamo linki yolozera ku nkhani yaikulu ija.

Masabata oyambirira zinthu zinkagwederabe, koma tsopano nkhani imodzi yokha ndiyo ikuonekera, ndipo yakwera. Amene mungakumane ndi vutoli, mukaphatikiza nkhani mukonzenso malinki a m'nkhani zanu zakale kuti aloze adiresi yotsalayo mwachindunji. Komanso musaphatikize nkhani chifukwa chongofanana mawu. Muone kaye ngati owerenga ake akufuna chinthu chimodzi.